Njinga za kabaza kapena chigayo: masamu osankhira poika mpamba

Tiyerekeze kuti mayi wina wa ku Mponela wapuma pa ntchito ya uphunzitsi ndipo ali ndi K10 miliyoni yoti ayambire bizinesi. Maganizo ali pawiri. Angathe kugula njinga zamoto zingapo n'kupatsa anyamata a kabaza kuti azimubweretsera ndalama, kapena angathe kuimika chigayo chaching'ono cha dizilo kumudzi kwawo. Mpamba sukwanira zonse ziwiri, ndiye ayenera kusankha chimodzi.

Mayiwa akhala pansi n'kulemba zimene akuyembekezera kutsala nazo chaka chilichonse atachotsa mafuta, malipiro a antchito, zokonzetsera ndi misonkho. Njinga zimayamba ndi moto. Chaka choyamba zibweretsa K7 miliyoni, chachiwiri K5 miliyoni, chachitatu K3 miliyoni, ndipo chachinayi K1 miliyoni basi, kuphatikizapo kangachepe kogulitsa njinga zokutha, chifukwa njinga ya kabaza imakalamba msanga ndipo ikatero imangokhalira kwa makaniko. Chigayo chimayamba mozizira, anthu asanachizolowere. Chaka choyamba chibweretsa K2 miliyoni, chachiwiri K4 miliyoni, chachitatu K6 miliyoni, ndipo chachinayi K8 miliyoni. Pa K8 miliyoniyo, K6 miliyoni ndi ya kugayitsa ndipo K2 miliyoni ndi mtengo umene makinawo angagulitsidwe pa nthawiyo. Manambalawa ndi ongoyerekezera, koma kayendedwe kake n'kamene amalonda ambiri amakadziwa.

Munthu akangowonkhetsa, nkhani yatha: njinga zapereka K16 miliyoni, chigayo K20 miliyoni. Koma kuwonkhetsa kotereku kumabisa chinthu chachikulu, chifukwa kukuphatikiza ndalama za chaka chamawa ndi ndalama zimene zidzabwere patapita zaka zinayi ngati kuti n'zofanana.

Kubweza ndalama zam'tsogolo kuti zikhale za lero

Aliyense amene anakhalapo m'gulu la banki m'khonde amadziwa kuti ndalama imabereka. Ngati pali malo odalirika pamene K1 miliyoni imapindula 20 peresenti pa chaka, ndiye kuti pakutha chaka yakhala K1.2 miliyoni. Tikatembenuza masamuwo, munthu amene wakulonjezani K1.2 miliyoni chaka chamawa wakulonjezani chinthu chimene mtengo wake lero ndi K1 miliyoni. Kuti mupeze mtengo wa lero, mumagawa ndi 1.2. Ndalama yobwera patapita zaka ziwiri mumaigawa ndi 1.2 kawiri, kutanthauza 1.44. Ya zaka zitatu mumaigawa ndi 1.728, ndipo ya zaka zinayi ndi 2.0736. Pa 20 peresenti, kwacha imene idzabwere chaka chachinayi siikwana n'komwe theka la kwacha imene ili m'manja lero.

Mukatero ndi ndalama za chaka chilichonse, n'kuziwonkhetsa, kenaka n'kuchotsapo mpamba umene mwalowetsa, chotsalacho ndicho akatswiri a zachuma amachilemba mwachidule kuti NPV. Ndi phindu lonse la bizinesiyo, loyezedwa ndi ndalama za lero.

Kodi 20 peresentiyo yachokera kuti? Siyongotola. Ndi phindu limene ndalama za mayiwa zikanapeza kwina kumene chiopsezo chake n'chofananako, kaya ndi kusunga ku banki kwa nthawi yoikika, kubwereketsa boma, kapena kuwonjezera katundu mu golosale ya mwana wawo. Mpamba ukakhala wangongole, nambalayi singachepere chiwongoladzanja chimene akulipira. Pakadali pano tivomereze kuti mayiwa ali ndi njira yotsimikizika yopezera 20 peresenti, ndipo bizinesi iliyonse iyenera kuposa pamenepo kuti ikhale yoyenera kuvutikira.

Tiyambe ndi njinga. K7 miliyoni ya chaka choyamba kugawa ndi 1.2 ikutipatsa K5,833,000. K5 miliyoni kugawa ndi 1.44 ndi K3,472,000. K3 miliyoni kugawa ndi 1.728 ndi K1,736,000, ndipo K1 miliyoni yomaliza ija yatsika kufika pa K482,000. Zonse pamodzi zikukwana pafupifupi K11,524,000. Tikachotsa mpamba wa K10 miliyoni, NPV ya njinga ndi K1,524,000.

Chigayo nacho chiyenda njira yomweyo. K2 miliyoni yasanduka K1,667,000, K4 miliyoni yasanduka K2,778,000, K6 miliyoni yasanduka K3,472,000, ndipo K8 miliyoni yaphwa kufika pa K3,858,000. Pamodzi ndi K11,775,000, choncho NPV ya chigayo ndi K1,775,000.

Onani mmene chithunzi chasinthira. Poyamba chigayo chimaoneka kuti chikuposa ndi K4 miliyoni yathunthu. Tsopano chikupambanabe, koma ndi K250,000 yokha. Komanso tisamve molakwa tanthauzo la nambalayi. K1,775,000 si phindu lonse la chigayo ayi. Ndi zimene zatsala mayiwa atabweza mpamba wawo wonse komanso atalandira kale 20 peresenti ya chaka ndi chaka imene akanaipeza kwina. N'chifukwa chake bizinesi ya NPV ya ziro siyoluza. Yangofanana ndi njira ina ija. Ya NPV yotsikira pansi pa ziro ndiyo yoyenera kuikana, ngakhale mabuku ake ataonetsa kuti ndalama zolowa zaposa zotuluka.

Funso lachiwiri, yankho lina

Pali njira ina yofunsira. M'malo mosankha peresenti n'kuwerengera phindu, timafunsa kuti: kodi ndi peresenti iti imene ingachititse NPV kukhala ziro ndendende? Peresenti imeneyo ndiyo IRR. Tinganene kuti ndi chiwongoladzanja chimene bizinesi ikulipira mwini wake pa ndalama zimene zidakali m'kati mwake.

Palibe njira yachidule yoipezera ndi pensulo, timachita kuyesa. Pa njinga, tikayesa 30 peresenti, NPV ikutsala K59,000. Tikayesa 31 peresenti, ikugwera pansi pa ziro ndi K69,000. Ndiye kuti ziro ali pakati pa ziwirizi, ndipo kuti tidziwe pamene ali timagawa 59 ndi 128, amene ndi 59 kuwonjezera 69. Yankho ndi pafupifupi theka, kotero IRR ya njinga ndi 30.5 peresenti. Pa chigayo, 27 peresenti ikusiya K59,000 pamwamba ndipo 28 peresenti ikupereka K155,000 pansi pa ziro. IRR yake ndi 27.3 peresenti.

Amene ali ndi kompyuta kapena foni yokhala ndi Excel kapena Google Sheets sachita kuvutika chonchi. Lembani mpamba mu B2 ngati nambala yochotsera, -10000000, ndipo ndalama za zaka zinayi muzilembe kuyambira B3 mpaka B6. Kenaka:

```
=NPV(0.2,B3:B6)+B2
=IRR(B2:B6)
```

Apa pali msampha umene wagwetsa ambiri, ngakhale ophunzira a zowerengera ndalama. Lamulo la NPV m'mapulogalamu amenewa limatenga nambala yoyamba ngati yobwera pakutha kwa chaka choyamba. Mukalowetsa mpamba m'kati mwake, ndalama zonse zimakankhidwa ndi chaka chimodzi ndipo yankho limatuluka lochepa. N'chifukwa chake B2 ali kunja, wowonjezeredwa payekha. IRR yokha ndiyo imafuna mpamba m'kati, ndipo mukaiwala chizindikiro chochotsera imangokuonetsani `#NUM!`.

Tsopano mayi athu ali pa mphambano. Mabizinesi onse awiri aposa 20 peresenti, choncho lililonse palokha ndi labwino. Koma NPV ikuti chigayo, pamene IRR ikuti njinga. Masamu onse ndi olondola. Nanga amvere ziti?

Chimene peresenti imabisa

Anthu ambiri amakopeka ndi IRR, ndipo m'pomveka. Mawu akuti 30.5 peresenti amamveka msanga kuposa K1,524,000, ndipo ndi osavuta kuyerekeza ndi chiwongoladzanja cha ku banki. Koma peresenti payokha siinena kuti ikugwira pa ndalama zingati, kapena kwa nthawi yaitali bwanji. Mkangano wonse wagona pamenepa, ndipo ndi bwino tiuone pafupi.

Tsatirani mpamba wa njinga chaka ndi chaka. Chaka choyamba K10 miliyoni yonse ili pa ntchito, ndipo pa 30.5 peresenti ikukula kufika pa K13 miliyoni ndi kangachepe. Mayiwa alandira K7 miliyoni, m'bizinesi mwatsala pafupifupi K6 miliyoni. Pakutha chaka chachiwiri mwatsala K2.9 miliyoni, ndipo pakutha chachitatu mwangotsala K0.8 miliyoni. Choncho 30.5 peresenti yokongolayo ikugwira pa ndalama zambiri kwa chaka chimodzi chokha, kenaka ikugwira pa mulu umene ukunka nuchepa. Ndalama zimene zatulukazo sizikupezanso 30.5 peresenti. Zabwerera m'manja mwa mayiwa, ndipo kumene angaziike zikupeza 20 peresenti.

Ku chigayo zinthu n'zosiyana. Chaka choyamba K10 miliyoni ikukula kufika pa K12.7 miliyoni, koma yotuluka ndi K2 miliyoni yokha, ndiye m'kati mwatsala K10.7 miliyoni. Chaka chachiwiri chikatha mwatsala K9.7 miliyoni, chachitatu chikatha K6.3 miliyoni. Peresenti yake ndi yocheperapo, 27.3, koma ikugwira pa ndalama zambiri kwa zaka zonse zinayi. Wogwira ganyu ya malipiro apamwamba kwa sabata imodzi akhoza kupitidwa ndi mnzake wa malipiro ocheperako amene wagwira mwezi wathunthu.

Tingathe kutsimikiza zimenezi popanda kugawa kulikonse. Tinene kuti mayiwa akuika ndalama iliyonse imene alandira pamalo a 20 peresenti paja mpaka kutha kwa chaka chachinayi. K7 miliyoni ya njinga ikhala zaka zitatu n'kufika pa K12,096,000. K5 miliyoni ifika pa K7,200,000, K3 miliyoni pa K3,600,000, ndipo K1 miliyoni yomaliza ikhala momwemo. M'thumba mudzakhala K23,896,000. Za chigayo zidzakhala K3,456,000, K5,760,000, K7,200,000 ndi K8,000,000, zonse pamodzi K24,416,000. Chigayo chaposa ndi K520,000 ya chaka chachinayi, imene mukaigawa ndi 2.0736 ikubwerera ku K250,000 ija tinaipeza poyamba.

Ine ndimaima ndi NPV pa chifukwa chimenechi. Posankha chimodzi mwa ziwiri, funso la mayiwa ndi lakuti adzakhala ndi chuma chochuluka bwanji, ndipo NPV ikuyankha funso lomwelo m'makwacha. IRR ndi yothandiza pouza munthu kuti bizinesi ingapirire chiwongoladzanja chokwera mpaka pati isanayambe kuluza, koma siyodalirika poika mabizinesi pa mndandanda wa loyamba ndi lachiwiri. Vutoli limakula kwambiri mipamba ikasiyana kukula. Geni ya K100,000 yopindula 50 peresenti pa chaka imabweretsa K50,000, pamene bizinesi ya K10 miliyoni yopindula 25 peresenti imabweretsa K2.5 miliyoni.

Pamene yankho limatembenuka

Komabe kupambana kwa chigayo kwatsamira pa 20 peresenti ija, ndipo nambala imeneyi siikhazikika. Mu February 2024 Banki Yaikulu ya Malawi inakweza chiwongoladzanja chake chotsogolera kufika pa 26 peresenti, ndipo wobwereka ku banki wamba amalipira choposa pamenepo. Ndiye m'poyenera kufunsa zimene zingachitike ndalama zikakhala zodula kuposa mmene tayerekezera.

Pa 25 peresenti, NPV ya njinga ndi K746,000 ndipo ya chigayo ndi K509,000. Njinga zatsogola. Pa 30 peresenti njinga zangotsala ndi K59,000, pamene chigayo chalowa pansi ndi K563,000. Chifukwa chake n'choonekeratu: ndalama zazikulu za chigayo zili kutali, ndipo chiwongoladzanja chikakwera, ndalama zakutali ndizo zimaphwa kwambiri.

Pakati pa 20 ndi 25 pali peresenti imene mabizinesi awiriwa amafanana, ndipo tingathe kuipeza. Chotsani ndalama za njinga ku ndalama za chigayo chaka ndi chaka. Chaka choyamba wosankha chigayo akutaya K5 miliyoni, chachiwiri akutaya K1 miliyoni, chachitatu akupeza K3 miliyoni yowonjezera, ndipo chachinayi K7 miliyoni yowonjezera. Kusiyanaku kuli ngati kabizinesi pakokha, kolowetsa poyamba n'kukolola pambuyo, ndipo IRR yake ndi pafupifupi 22.4 peresenti. Katswiri wa zachuma wa ku America, Irving Fisher, anafotokoza ganizo loyerekeza njira ziwiri mwa kusiyana kwa ndalama zake m'buku lake la 1930, ndipo mpaka lero mabuku ambiri amatchula peresenti imeneyi ndi dzina lake.

Nambala ya 22.4 ndiyo yothandiza kwambiri pa zonse zimene tawerengera, chifukwa ikusandutsa funso lovuta kukhala losavuta. Mayiwa sakufunikanso kudziwa mtengo weniweni wa ndalama zawo mpaka pa kadontho. Angodziwa mbali imene ali. Ngati njira yawo ina ikupereka zochepera 22.4 peresenti, chigayo ndicho chabwino. Ngati ikupereka zoposa pamenepo, kapena ngati mpamba ndi wangongole ya chiwongoladzanja choposa pamenepo, asankhe njinga. Chiwongoladzanja chikapitirira 30.5 peresenti, zonse ziwiri azisiye. Mphunzitsi wopuma amene akugwiritsa ntchito ndalama zake za penshoni ndi mnyamata amene wabwereka ku banki angayang'ane mapepala omwewo n'kusankha mosiyana, onse n'kukhala atalondola.

Manambala olowetsa ndiwo amalakwika

Masamu a NPV salakwa kawirikawiri. Chimene chimalakwika ndi manambala amene timawapatsa, ndipo cholakwa chachikulu kwathu kuno chimakhudza kukwera mitengo kwa zinthu. Chiwongoladzanja cha ku banki chimakhala chitaphatikiza kale kukwera mitengoko. Choncho ngati mukugawa ndi peresenti yotengera ku banki, ndalama za zaka zam'tsogolo nazonso muzilembe pa mitengo imene mukuyembekezera pa nthawiyo, ya kugayitsa ndi ya dizilo yomwe. Mukalemba zaka zonse pa mitengo ya lero, muyenera kugawa ndi peresenti yochotsedwa kukwera mitengo. Mwachitsanzo, chiwongoladzanja chikakhala 30 peresenti pamene mitengo ikukwera ndi 25 peresenti, gawani 1.30 ndi 1.25, ndipo mupeza 1.04, kutanthauza 4 peresenti yokha. Wosakaniza ziwirizi, mitengo ya lero ndi chiwongoladzanja cha ku banki, amapha bizinesi iliyonse yochedwa kubereka ngakhale ili yabwino. Chizindikiro chake n'chakuti mtengo wogayitsira thini ya chimanga walembedwa chimodzimodzi zaka zonse zinayi. Kumbukiraninso kuti ndalama zolowa ndi zotuluka sizikwera mofanana. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, zipangizo zochokera kunja zinadula nthawi yomweyo, koma si wamalonda aliyense amene akanatha kukwezera makasitomala ake mofananamo.

Chachiwiri ndi kuwerengera chiwongoladzanja kawiri. Ngati mpamba ndi wangongole, musachotse zobweza ngongole pa ndalama za chaka ndi chaka kenaka n'kugawanso ndi peresenti ya ngongoleyo, pakuti kugawako ndiko kulipira chiwongoladzanjacho. Ndalama zimene zinapita kale ndipo sizingabwerere, monga zimene mayiwa anawononga poyendera ogulitsa makina, zisalowe m'masamu. Koma malo awo amene aimikepo chigayo alowe, ngati akanatha kuwachititsa lendi, ndiponso nthawi yawo ngati adzakhala pa chigayopo tsiku lonse.

IRR ili ndi vuto lakelake limene limabuka bizinesi ikakhala ndi ndalama zazikulu zotuluka kumapeto, monga mgodi umene uyenera kukwiriridwa ntchito ikatha. Lowetsani 100 lero, landirani 230 chaka choyamba, lipirani 132 chaka chachiwiri. NPV ya ndalama zimenezi ndi ziro pa 10 peresenti, ndiponso ndi ziro pa 20 peresenti. Pali ma IRR awiri, ndipo kompyuta idzakuonetsani imodzi yokha osakuchenjezani. Mukaona kuti ndalama zikutuluka, kulowa, n'kutulukanso, dalirani NPV.

Chotsala ndi kuyesa kulimba kwa yankho, ndipo apa chigayo chili ndi malo ofooka. Chikupambana ndi K250,000 yokha, ndipo gawo lalikulu la mtengo wake lili m'chaka chachinayi, chimene palibe angachione bwino. Tinati makina adzagulitsidwa K2 miliyoni. Akadzagulitsidwa K1 miliyoni, NPV ya chigayo ikutsika ndi K482,000 kufika pa K1,293,000, ndipo njinga zapambana ngakhale pa 20 peresenti. Kunena mwatchutchutchu, ndalama za chaka chachinayi zikangoperewera ndi K520,000, kupambana konse kwatha. Wina akaimika chigayo cha magetsi pafupi, kapena chilala chikachepetsa chimanga chogayitsa, kuperewera kotereku n'kosavuta. Njinga nazo ziyesedwe chimodzimodzi. Mphamvu yake yonse ili mu K7 miliyoni ya chaka choyamba, ndipo njinga ikabedwa kapena kuchita ngozi n'kuchepetsa ndalamayo ndi K1 miliyoni, NPV ikutsika ndi K833,000, kupitirira theka la phindu lonse.

Choncho mayiwa asanatulutse ndalama, ntchito yawo ili pa manambala atatu. Apite kwa eni zigayo a m'madera oyandikana akafunse mtengo umene makina a zaka zinayi amagulitsidwa komanso mmene makasitomala anachulukira chaka ndi chaka. Afunse eni njinga za kabaza ndalama zimene zimafikadi m'manja pa sabata, osati zimene anagwirizana ndi anyamata, ndiponso mtengo wa inshuwalansi. Kenaka apite kumene angasungitse ndalama zawo akamve peresenti yeniyeni imene angalandire msonkho utachotsedwa, kuti aone ngati ili pamwamba kapena pansi pa 22.4.